Masamba Atatu a Likodzo Amene Ndinadumpha

M'chaka chachiwiri cha maphunziro anga a zachipatala, anatipatsa masabata awiri okonzekera mayeso, ndipo ine ndinapita kwathu kwa Mwambo. M'chikwama ndinali ndi zovala zochepa, foni, ndi mapepala makumi awiri ndi atatu omangidwa pakona. Mapepalawo anali mawu onse amene mphunzitsi wathu wa patholoje analankhula m'kalasi pa mutu wa matenda a impso ndi chikhodzodzo. Patholoje ndi phunziro la mmene matenda amawonongera ziwalo m'kati mwa thupi, ndipo mwa maphunziro onse, limeneli ndi lomwe linkandisowetsa mtendere.

Mphunzitsiyo sankapereka manotsi. Ankalowa, n'kukhala pamphepete pa tebulo, n'kuyamba kulankhula ngati akucheza ndi anzake. Ndiye ife tinkajambula mawu ake pa foni, iye atatiloleza, kenako n'kugawana ntchito. Aliyense ankamvetsera chigawo chake n'kutayipa liwu ndi liwu, ndipo tikalumikiza zigawozo tinkasindikiza. Zinkatulukazo sizinali buku. Munali zonse: phunziro, nthabwala, madandaulo a galimoto yake yomwe inkamuvuta, ngakhale mawu akuti wina atseke chitseko. Ntchito yanga pa masabata awiriwo inali kupeta zonsezi n'kutsala ndi makadi, funso kutsogolo, yankho kumbuyo.

Inali nyengo yokolola mpunga. Tsiku lachiwiri nditafika, ndikuthandiza Amayi kuyanika mpunga pabwalo, iwo anayang'ana kukhonde kuti aone ngati Ababa ali pafupi, kenako anatsitsa mawu.

“Bambo ako akukodza magazi,” anatero. “Miyezi isanu tsopano.”

Ndinasiya kusalaza mpunga. Ndinafunsa ngati apita kuchipatala.

“Akuti n'likodzo basi. Akuti ndani kuno kunyanja sanadwalepo likodzo? Anakagula okha mankhwala ku Zomba, kawiri konse, koma sizikusintha. Ine ndayankhula mpaka kutopa. Uwauze ndiwe, si zomwezi ukuphunzira?”

Ndinangoti ndiona. Koma ndinkadziwa kuti palibe chomwe ndione. Kwathu mwana wamkazi sakamba ndi bambo ake za mkodzo wawo. Ababa anali munthu woti akamapita kuchimbudzi ankazungulira kuseri kwa nkhokwe kuti ana tisadziwe kumene alowera. Kusukulu ndinali nditafunsa kale amuna achikulire ambiri mafunso oposa pamenepa, nditavala chovala choyera, osaphethira n'komwe. Koma pabwalo la kwathu chovalacho sichinkagwira ntchito.

Ababa anaphunzitsa sukulu ya pulayimale zaka zoposa makumi atatu, makamaka Sitandade 8, ndipo ngakhale anali atapuma, uphunzitsi sunawachoke. Masana a tsiku lomwelo anandipeza pakhonde ndikudula makalendala akale ndi lumo, chifukwa kumbuyo kwake kunali koyera ndipo pepala lake linali lolimba. Anatola khadi limodzi mwa amene ndinali nditalemba kale, n'kuvala magalasi. Kutsogolo ndinali nditalemba kuti: fotokozani za miyala ya mu impso. Kumbuyo ndinali nditakopera ndime yonse ya mphunzitsi, tizilembo tothinana mpaka m'mphepete.

“Adokotala,” anatero, chifukwa ndi mmene ankandiitanira akafuna kundiseka, “ili ndi khadi kapena kalata? Munthu akayankha theka la zimenezi, wakhoza kapena walephera?”

Kenako iwo anakoka mpando. Anati funso limodzi lizifuna chinthu chimodzi, ndipo yankho likhale loti munthu angalinene asanapumire. Khadi lija tinaling'amba, ndipo m'malo mwake munatuluka makadi asanu ndi limodzi. Lina linkafunsa mtundu wa miyala umene umapezeka kwambiri. Lina linkafunsa kumene ululu umayambira ndi kumene umalowera mwala ukamatsika. Lina linkafunsa chimene chimachitikira impso mwala ukatseka njira ya mkodzo nthawi yaitali. Za patholoje Ababa sankazidziwa, koma kufunsa funso ankakudziwa kuposa ine.

Zina ndinaziphunzira ndekha nditapunthwa. Pa tsamba lachinayi mphunzitsi anatchula mtundu wina wa miyala kuti ndiwo wofala, ine n'kulemba khadi mosakaika. Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, atamaliza nkhani ya galimoto yake, anabwerera n'kunena kuti analakwitsa, yofala ndi ya mchere wa kashiyamu. Munthu akamalankhula amadzikonza, koma khadi silidzikonza. Kuchokera pamenepo ndinaganiza zoyamba ndawerenga mapepala onse mpaka kumapeto ndisanadulenso kanthu, ndikuyerekeza ndi buku lomwe ndinali nalo pa foni. Ndinayambanso kulemba nambala ya tsamba pakona ya khadi lililonse, kuti ndikakaika ndizidziwa kobwerera.

Ndikuwerenga choncho, ndinafika pa tsamba la khumi ndi chinayi, pomwe mphunzitsi anayamba nkhani ya likodzo. Inatenga masamba atatu. Tsiku lomwe ankaphunzitsa ndinalipo m'kalasi, ndipo ndinaseka nawo pomwe anafunsa kuti ndani amachokera kunyanja, ine n'kukweza dzanja. Tsopano ndinkawerenga mawu omwewo pakhonde la kwathu, Ababa atakhala chapomwepo akukonza tcheni cha njinga, ndipo sanandiseketsenso.

Mphunzitsi ankati chimene chimawononga chikhodzodzo si nyongolotsi zenizenizo, koma mazira ake amene amakodwa m'khoma la chikhodzodzo. Thupi limawazinga ndi maselo ake pofuna kuwachotsa, pamakhala kutupa, ndipo zaka zikamapita pamatsala zipsera. Mankhwala amapha nyongolotsi, koma zipsera zakale sazifafaniza. Khoma lomwe lakhala likunyerenyetsedwa zaka zambiri limatha kusintha maselo ake, ndipo mwa anthu ena kusinthako kumathera ku khansa. Kenako panali mawu amene wotayipa anawalemba ndi zilembo zikuluzikulu, kusonyeza kuti mphunzitsi anakweza mawu. Anati mwana wa likodzo amadontha magazi kumapeto kwa kukodza. Koma munthu wachikulire akamatulutsa magazi mumkodzo wonse, osamva kuwawa, mumuyese ngati ali ndi khansa kufikira mutatsimikiza kuti alibe.

Ndinachita mantha. Palibenso mawu ena oti ndinene. Ndinatseka mapepalawo n'kupita kukatunga madzi omwe panyumba sankasowa.

M'mawa mwake ndinapitiriza kulemba makadi. Nditamaliza tsamba la khumi ndi chitatu, ndinatembenuza masamba atatu pamodzi n'kuyamba la khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Ndinadziuza kuti masamba amenewo ndidzawawerenga ndekha kuchipinda. Ababa anali atadzipereka kale kuti azindifunsa makadiwo, ndipo sindinkatha kuganiza za iwo akuwerenga funso lotero mokweza, ine n'kumawayankha ndikuwayang'ana kumaso. Ndinkati ndikuwalemekeza. Lero ndimaona kuti mbali yaikulu ndinkadziteteza ndekha.

Masiku otsatirawo anali okoma, ndipo zimenezi ndi zomwe zimandipweteka ndikamakumbuka. Dzuwa likapendeka tinkakhala pakhonde. Ababa anabwereka mbale zitatu kwa Amayi. Khadi lomwe ndayankha mosazengereza linkapita m'mbale yoyamba, ndipo silinkabwera mpaka patapita masiku atatu. Lomwe ndayankha mokaikira linkapita m'mbale yachiwiri kuti libwere mawa. Lomwe ndalephera linkapita m'mbale yachitatu, ndipo ankandifunsanso tisanadzuke pamalopo. Ankasakaniza makadiwo ngati wosewera njuga, kuti ndisaloweze ndondomeko yake m'malo moloweza nkhani. Mawu aatali a Chingerezi cha madokotala ankawatchula pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mayina a alendo.

Ndikayamba yankho ndi kuzungulira, ankakweza chala. “Osandiyendetsa m'dambo,” ankatero. “Yankho lili kumbuyo kuno ndi mawu anayi.” Ndikakhoza makadi khumi motsatizana, ankaitana Amayi kuti adzamve, ngakhale Amayi sankatolapo kanthu. Iwo ankaima ndi lichero m'manja, n'kundiyang'ana ndi maso ofunsa funso lina. Ine ndinkayang'ana m'mbale.

Panadutsa masiku asanu ndi anayi. Ndinkaona Ababa akudzuka pakati pa mafunso, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, n'kubwera atasamba m'manja, nkhope ili phee. Ndinaonanso kuti lamba wawo anali atabooledwa bowo latsopano. Ndinaziona zonsezo monga anatiphunzitsira kuona, ndipo sindinanene kanthu.

Lachisanu, titamaliza mbale yachiwiri, Ababa sanasakanize makadi monga mwa masiku onse. Anayamba kuwasanja pamphasa motsata manambala a m'makona aja. Anati ali mphunzitsi, mayeso akayandikira ankatenga sikimu yake, ndondomeko ya zophunzitsa, n'kuyendamo mutu ndi mutu, kuchonga zomwe waphunzitsa, chifukwa mwana amalephera pa chomwe mphunzitsi anaiwala. Anasanja milu yawo bwinobwino, wa tsamba loyamba, wachiwiri, mpaka wa khumi ndi chitatu. Mulu wotsatira unali wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Pakati anasiya danga pamphasa.

“Apa pali masamba atatu opanda khadi,” anatero. “Mphunzitsi wanu anangokamba za galimoto masamba atatu onse?”

“Ayi, Ababa.”

“Bweretsa mapepala aja.”

Ndinakawatenga. Anawalandira, n'kunyowetsa chala, n'kupeza tsambalo. Ababa ankawerenga Chingerezi bwino koma mosafulumira, milomo ikugwedera. Ine ndinakhala pansi manja ali pamiyendo ngati mwana wogwidwa akubera mayeso. Pamsewu panadutsa njinga zonyamula madengu a matemba kuchokera kudoko la Kachulu, ndipo ndinaziwerenga pofuna kuti maso akhale ndi kopita. Atafika pa zilembo zikuluzikulu zija anaima nthawi yaitali. Kenako anabwerera n'kuyambiranso tsamba lonse.

Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena adzuka n'kulowa m'nyumba. M'malo mwake anavula magalasi n'kundifunsa modekha.

“Zimenezi pa mayeso sizibwera?”

“Zimabwera.”

“Ndiye unadumphiranji?”

Iwo sanandikakamize kuyankha. Anayang'ana kukhitchini komwe kunali Amayi, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wapeza yankho la samu yomwe imamuvuta. Kenako anakoka mulu wa makadi osalembedwa.

“Tilembe,” anatero. “Ine ndiwerenga ndime n'kupanga funso. Iwe uyankhe, ine ndilemba kumbuyo. Pomwe sindikumva, undimasulire m'Chinyanja.”

Tinayamba ndi zosavuta. Tizilombo ta likodzo timalowa bwanji m'thupi? Pakhungu, munthu akakhala m'madzi momwe muli nkhono zosunga tizilomboto. Ababa analemba, n'kunena kuti ndiye kuti m'munda wa mpunga ndi chimodzimodzi ndi m'nyanja, ine n'kuvomera. Dzira la likodzo la m'chikhodzodzo limazindikirika bwanji pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono? Lili ndi kaminga kumapeto kwenikweni. Analemba. Chimawononga chikhodzodzo n'chiyani, nyongolotsi kapena mazira? Mazira. Pamenepa anaseka pang'ono, n'kunena kuti ali mnyamata, iwo ndi anzawo ankawedza tsiku lonse m'mabango, ndipo yemwe sankadontha magazi ankamuseka kuti sanakule. Kanali koyamba m'moyo wanga kumva Ababa akutchula nkhani yotere. Anainena maso ali pa khadi.

Tsamba lomaliza mwa atatuwo linatitengera nthawi. Panali liwu lomwe anandipempha kuti ndilimasulire, ndipo ndinawauza kuti limatanthauza kusintha kwa maselo a khoma la chikhodzodzo, kuchoka pa mtundu wake weniweni n'kukhala olimba ngati a pakhungu, chifukwa chonyerenyetsedwa nthawi yaitali. Anafunsa ngati kusinthako ndiye khansayo. Ndinati ayi, si khansa, ndipo si onse amene amafika ku khansa, koma ndi poyambira pake. Anati ndiye amenewo ndi makadi awiri, osati limodzi, ndipo anawalemba padera.

Anafunsa ngati mankhwala a likodzo amachiza khansa ya chikhodzodzo. Ndinati ayi. Analemba liwu limodzilo pakati pa khadi, n'kuika nambala ya tsamba pakona monga ndinkachitira ine.

Titamaliza, anaika makadi atsopanowo pa danga lija. Kenako anatenga khadi lina loyera n'kulemba nthawi yaitali, osayang'ana pa mapepala a mphunzitsi. Anandipatsa m'manja m'malo mowerenga mokweza. Linali m'Chingerezi chawo chaudongo cha pabolodi, ndipo linkati: bambo wachikulire, wokulira kunyanja, wakhala akutulutsa magazi mumkodzo wonse kwa miyezi isanu, nthawi zina ndi timibulu ta magazi oundana, osamva kuwawa. Wamwa mankhwala a likodzo kawiri. Achite chiyani?

Za timibulu ngakhale Amayi sankazidziwa. Ndinatembenuza khadilo. Kumbuyo kunalibe kanthu, ndipo pakona panalibe nambala ya tsamba.

“Ili silinachokere m'mapepala,” anatero Ababa. “Koma liyankhe ngati uli pa mayeso. Osandiyendetsa m'dambo.”

Ndinatenga cholembera. Misozi inali itayamba kale, ndipo sindinaibise. Ndinalemba kuti apite kuchipatala chachikulu sabata yomweyo, akayezetse mkodzo ndi magazi, akamuunike chikhodzodzo ndi impso pa sikani, ndipo akapeza chotupa, akadule kanyama kokayeza. Ndinawabwezera. Anawerenga kawiri, n'kunena kuti yankho latalika, likanakhala makadi anayi, koma alilandira. Anaika khadilo m'thumba la malaya, osati m'mbale, kenako anaitana Amayi n'kuwauza kuti Lolemba achite zowasitira thalauza lakuda lija.

Ndaganizirapo kwambiri za masiku asanu ndi anayi aja. Madokotala amene ndinawafunsa pambuyo pake anati pa matenda omwe anali atatenga kale miyezi, mwinanso zaka, masiku amenewo sanasinthe kanthu. Mwa zomwe ndinaphunzira, ndikudziwa kuti ankanena zoona. Koma ndikudziwanso kuti ndikanapanda kulemba manambala m'makona, ndikanabwerera kusukulu osanena kanthu, ndipo ndikanadzitcha mwana waulemu. Manyazi amenewo ndi amene sanandichokebe mpaka lero.

Lolemba tinakwera minibasi yochokera ku Kachulu yopita ku Zomba, Ababa atakhala cha kuwindo, makadi ali m'jumbo pamiyendo pawo. Pabenchi la kuchipatala, tikudikira, anandifunsa mbale yachitatu yonse, ndipo anthu oyandikana nafe ankamvetsera ngati ndi pulogalamu ya pawailesi. Zomwe madokotala anapeza masabata otsatirawo zinali zomwe masamba atatu aja ananena. Ababa anakhala nafe chaka chimodzi ndi miyezi ingapo asanatisiye, ndipo anaona zotsatira za mayeso anga.

Koma zonsezo zinali kutsogolo. Tsiku limenelo, dzina lawo litaitanidwa, ndinawaperekeza mpaka m'chipinda cha dokotala, bambo wa msinkhu wa achimwene anga. Iye anawalonjera, n'kutsegula buku lawo la kuchipatala, n'kufunsa kuti chawabweretsa n'chiyani. Ine ndinadzuka kuti ndituluke, monga mwana wamkazi aliyense wa kwathu akanachitira. Ababa anandigwira pamkono.

“Khala pansi, mwanangu,” anatero. “Ndikadumpha china, undikumbutse.”